Masekondi 15 m'munda wa maluwa: kalembedwe ka pulomputi ya kavidiyo kolengeza ukwati

Funso: Ndine wojambula zithunzi, ndimakhala ku Chilomoni. Anthu ena amene akumanga ukwati mu Novembala andipempha kavidiyo ka masekondi 15 kodziwitsa abale za tsikulo, ndipo akufuna azioneka akuyenda pang'onopang'ono m'munda wa maluwa. Ndayesa kukapanga ndi AI, koma mukutuluka azungu, maluwa ake si akuno, mapazi akutsetsereka, ndipo nditaikamo chithunzi chawo nkhope ya mkwatibwi ikusintha kavidiyo kali mkati. Pulomputi yake, mawu ouza AI chochita, ndilembe bwanji?

Yankho: Achimwene, musalembe pulomputi imodzi, lembani zitatu. Masekondi 15 amenewo muwadule patatu, ndipo chidutswa chilichonse chikhale ndi chithunzi chakechake choyambira, kayendedwe kamodzi ka anthu ndi kayendedwe kamodzi ka kamera. Zina zonse zimene ndinene pano zikutsamira pa mfundo imeneyi.

Vidiyo ndi zithunzi zambiri zotsatizana mofulumira, zimene timazitcha mafulemu. Pa liwiro la mafulemu 24 pa sekondi, masekondi 15 ndi mafulemu 360. Makina a AI alibe munthu weniweni amene akumuona. Amapeka mafulemu onsewo potengera zimene anaphunzira, kwinaku akuyesetsa kuti fulemu iliyonse igwirizane ndi inzake. Pa masekondi oyambirira amakhala pafupi ndi chithunzi chimene mwawapatsa. Nthawi ikamapita, tizolakwika ting'onoting'ono timaunjikana: mphuno yasongoka pang'ono, mpata wa pamano watsekeka, tsitsi lakwera. Mkwatibwi akangotembenuza mutu, kapena nthambi ikangomudutsa kumaso, makinawo ayenera kupeka mbali ya nkhope imene sanaionepo, ndipo amene amatulukira kuseri kwa nthambiyo amakhala munthu wina. N'chifukwa chake mapulogalamu amenewa amapereka tizidutswa tatifupi. Mu 2025 Kling ndi Runway ankapereka masekondi 5 kapena 10, ndipo Veo 3 ya Google inatuluka mu 2025 ikupereka masekondi 8. Ngakhale pulogalamu yanu itakhala yolola masekondi 15 ulendo umodzi, pa ntchito ya nkhope za anthu enieni ine sindingakulimbikitseni kutero. Mayi ake a mkwatibwi amadziwa nkhope ya mwana wawo, ndipo ikasintha ngakhale pang'ono aona sekondi yomweyo.

Ndiye gawani chonchi. Chidutswa choyamba, masekondi 5, akwati akuoneka chakumbuyo akulowa m'munda. Chachiwiri, masekondi 4, kamera ili pafupi ndi manja awo ndi maluwa amene akuwadutsa. Chachitatu, masekondi 6, ndi pokhapo pamene tikuona nkhope, ndipo pomweponso mpamene padzalembedwe mayina ndi tsiku. Mafulemu ake ndi 120, 96 ndi 144, onse pamodzi 360. Dongosolo limeneli lili ndi phindu pawiri. Woonera amadikira kuti aone akwati ndi ndani, zimene ndi ntchito yeniyeni ya kavidiyo kokopa anthu. Ndipo makina mwawapatsa ntchito yovuta ya nkhope kwa masekondi 6 okha m'malo mwa 15.

Ntchito yaikulu ili pa zithunzi zoyambira, ndipo apa mpamene inu wojambula muli ndi mwayi woposa anthu amene amangolemba mawu. Mapulogalamu ambiri ali ndi njira ziwiri: `Text to video`, pamene makina amapeka zonse kuchokera pa mawu, ndi `Image to video`, pamene mumawapatsa chithunzi n'kuwauza kuti achiyendetse. Azungu aja akutuluka pa njira yoyamba. Mukangolemba kuti mkwati ndi mkwatibwi ali m'munda, makina amatenga chimene anachiona kambiri pophunzira, ndipo mavidiyo ambiri a maukwati amene ali pa intaneti si a kuno kwathu. Maluwa nawonso n'chimodzimodzi: amakupatsani mitengo ya maluwa apinki ya ku Japan, kapena mizere ya marozi ya ku Ulaya. Njira yachiwiri imathetsa mavuto onse awiri nthawi imodzi, chifukwa anthu ndi maluwa ali kale m'chithunzi.

Ukwati ukakhala mu Novembala, mwayi wanu ndi waukulu. Mu Seputembala ndi Okutobala jakaranda amakhala atachita maluwa ake apepo m'misewu ya Blantyre, ndipo maluwa ogwa amayala pansi. Boganivilia amakhala atadzaza m'mipanda nyengo yonse ya chilimwe. Mvula ikayandikira, chakumapeto kwa chaka, mitengo ya fulamboyanti imafiira. Aliyense wa mumzinda muno akaona jakaranda pamwamba pa njira ya njerwa ndi dothi lakatondo m'mbali, amadziwa kuti ndi kwathu kuno komanso amadziwa mwezi wake. Atengeni akwatiwo mupite nawo pamalo pamene pali mitengo imeneyi, pemphani chilolezo kwa eni malo ngati ndi pabwalo la munthu, la tchalitchi kapena la malo ogona alendo, ndipo jambulani zithunzi zitatu za zidutswa zitatu zija. Pitani cha m'ma 4:30 madzulo. Mu Okutobala dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, choncho muli ndi ola limodzi la kuwala kofewa, ndipo fumbi ndi utsi wa nyengoyi zimafewetsanso kuwalako. Zithunzi zonse zitatu zijambulidwe motsatizana, pa mphindi zochepa, kuti mtundu wa kuwala usasiyane.

Jambulani choimika, pa mulingo wa `9:16`, ngati kavidiyo kakupita pa sitetasi ya WhatsApp, pa TikTok kapena pa Facebook. Ngati komiti ya ukwati ikufunanso kukaonetsa pa sikirini yaikulu ku holo, imeneyo ndi `16:9`, ndipo ifuna zithunzi zakezake zojambulidwa chopingasa. Musaganize kuti mudzadula choimika kuti chikhale chopingasa, mudzataya mitu kapena miyendo.

Pa zovala pali zimene ndiyenera kukuchenjezani musanapite. Mabanja ambiri safuna kuti deresi la ukwati lioneke tsiku lisanafike, choncho akwati amabwera ndi zovala za chitenje chofanana, mwina zomwe anavala pa chinkhoswe. N'zokongola, koma chitenje cha timaluwa ting'onoting'ono tothithikana ndi mdani wa makina amenewa. Munthu akamayenda, nsalu imapindika, ndipo makina amalephera kusunga kadontho kalikonse pamalo pake. Mudzaona zojambula za pachitenje zikuyenda zokha pansalu, kapena zikusanduka maluwa a m'munda momwemo. Apempheni avale chitenje cha zojambula zikuluzikulu za mitundu iwiri kapena itatu, kapena nsalu ya mtundu umodzi yokhala ndi chitenje m'khosi ndi m'manja mokha. Mtundu wake usiyane ndi maluwa: pansi pa jakaranda, chikasu, kirimu kapena buluu wakuda zimaoneka bwino, koma deresi lapepo limasungunukira m'mitengo. Velo yaitali nayonso imavuta, chifukwa imaonekera mkati ndipo makina amaisakaniza ndi zimene zili kuseri kwake.

Tsopano pulomputi yeniyeniyo. Muilembe m'Chingerezi, chifukwa ndi chilankhulo chimene mapulogalamu amenewa amachimva bwino kwambiri pakadali pano. Pamene mwapereka chithunzi, musafotokozenso maonekedwe a anthu. Makina akuwaona kale, ndipo mukawafotokoza ndi mawu mumawapatsa mpata wosintha munthuyo kuti afanane ndi mawu anuwo. Fotokozani zimene chithunzi sichinganene: ndani akuyenda, akulowera kuti, pa liwiro lanji, ndipo kamera ikutani. Ya chidutswa choyamba, chithunzi chake chili cha akwati atatifulatira pa njira ya pansi pa jakaranda, ndi iyi:

```
The couple walks away from the camera along the path,
one unhurried step per second, feet planted firmly.
Camera follows behind at the same pace, eye level.
A few purple petals drift down. Real-time speed.
```

Mzere wachiwiriwo ndi umene ukuchiritsa mapazi otsetsereka. Munthu woyenda mwachizolowezi amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi. Kuyenda kwa akwati, kuja amayenda potuluka m'tchalitchi, ndi pafupifupi kamodzi pa sekondi. Pa masekondi 5 ndiye kuti aponda kasanu, mtunda wa mamita ngati atatu basi. Mukadziwa zimenezi mumaleka kupempha zosatheka. Pulomputi yoti adutse m'munda, awoloke kamlatho, afike pa kasupe n'kupsompsonana ikufuna mtunda wa mamita makumi angapo pa masekondi ochepa. Makina amayesa kukwaniritsa zonse ziwiri, kufika kutali ndi kuyenda pang'onopang'ono, ndiye amakoka thupi mofulumira pamene miyendo ikuchedwa. Zotsatira zake ndi munthu woyenda ngati waponda pa simenti yothiridwa madzi a sopo. Musakhulupirire kuti makina awerenga masitepe ndendende mmene mwalembera, sachita masamu otero, koma nambala ija imawakokera ku liwiro loyenera kuposa mawu oti `slowly` ali okha.

Palinso msampha wina pa mawu omwewa. Mukalemba `slow motion` mwapempha chinthu china: kuti nthawi yonse ichedwe, tsitsi, nsalu, maluwa ogwa, zonse ziziyandama. Anthu oyenda modekha pa nthawi yeniyeni ndi osiyana ndi anthu oyenda mwachizolowezi amene vidiyo yawo yachedwetsedwa. Mukaphatikiza ziwirizi, kuyenda pang'onopang'ono ndi kuchedwetsa nthawi, pa masekondi 5 mudzapeza sitepe imodzi kapena ziwiri, phazi litalendewera m'mwamba nthawi yaitali, ndipo mpamene miyendo imasinthana, wakumanzere n'kusanduka wakumanja. N'chifukwa chake ndamaliza ndi `Real-time speed`. Musayesenso kuchedwetsa vidiyo yotuluka kale kuti italike. Ya mafulemu 24 pa sekondi mukaichedwetsa ndi theka, mwatsala ndi mafulemu enieni 12 pa sekondi, ndipo imadumphadumpha. Pulogalamu yolumikizira mavidiyo ikhoza kupeka mafulemu odzaza mipatayo, koma pamene miyendo ikudutsana imasiya zithunzithunzi za miyendo yowonjezera.

Kamera ndaiuza chinthu chimodzi chokha, kutsatira pambuyo pa liwiro lomwelo. Izi zimathandiza chifukwa kukula kwa anthu m'chithunzi sikusintha, choncho makina sakuyenera kuwapekanso pa msinkhu wina. Mawu monga `orbit`, `drone shot` kapena `360` asiyeni. Kamera yozungulira akwati imakakamiza makina kuonetsa nkhope kuchokera mbali zonse, pomwe inu munawapatsa mbali imodzi. Onaninso kuti ndapempha maluwa ogwa ochepa. Mvula ya maluwa imakongola pa kompyuta yanu, koma WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, ndipo tinthu tambiri ting'onoting'ono toyenda nthawi imodzi ndi timene timawonongeka koyamba. Azakhali a kumudzi akadzatsegula pa foni yawo adzangoona timabokosi.

Chidutswa chachiwiri ndi chachifupi koma chili ndi ngozi yake, manja. Zala khumi zolukana za anthu awiri ndi chinthu chimene makina amachisokoneza kawirikawiri: chala chimawonjezeka, mphete imasamukira chala china, kapena manja awiri amamatana n'kukhala dzanja limodzi. Thandizani makina pojambula pomwe. Mkwatibwi akolowetse dzanja lake pa mkono wa mkwati, kapena agwirane mophweka chikhatho pa chikhatho, osalukana zala. Jambulani chammbali, kuyambira m'chiuno kufika pamapewa, boganivilia ali kuseri.

```
Side view at waist height. The couple keeps walking left
to right, her hand resting still on his arm.
Camera tracks alongside. Bougainvillea passes softly
out of focus behind them. Real-time speed.
```

Dzanja ndaliuza kuti likhale phee. Chimene chikuonetsa kuti akuyenda ndi maluwa odutsa kumbuyo ndi kugwedezeka kwa matupi, ndipo zimenezo n'zokwanira. Miyendo palibe m'chithunzi, choncho palibe chotsetsereka. Pangani masekondi 5, mudzataye sekondi imodzi imene yaipa kwambiri, nthawi zambiri yomaliza.

Chachitatu ndi chimene akwati akulipirira. Apa musawajambule thupi lonse. Tiwerengere limodzi. Vidiyo yoimika ya `720p` ndi yotalika mapikiselo 1280, timadontho timene timapanga chithunzi. Munthu woima thupi lonse atatenga theka la kutalikako ali ndi mapikiselo 640, ndipo mutu wa munthu wamkulu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a msinkhu wake. Ndiye mutu wonse, kuyambira patsitsi mpaka pachibwano, watsala ndi mapikiselo 80. Maso, mphuno ndi milomo zigawane pamenepo. Makina alibe pogwira, ndiye amadzaza ndi nkhope ya wina aliyense. Mukajambula kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, mutu umatenga mapikiselo 300 kapena kuposa, ndipo nkhope imakhazikika kwambiri. Onse awiri ayang'ane chakutsogolo, nkhope zisaphimbidwe ndi tsitsi, nthambi kapena mthunzi wamawangamawanga wa masamba. Pamwamba pa mitu musiye mpata wa maluwa okhaokha, mpamene padzakhale zolemba.

```
The couple takes two slow steps toward the camera and stops.
She glances slightly toward him, both smile gently.
Camera is static. Branches sway lightly behind them.
Faces, skin tone and clothing stay as in the image.
```

Ichi chipangeni cha masekondi 10 ngati pulogalamu ikulola, mudzatengeko masekondi 6 oyambirira, amene ali pafupi kwambiri ndi chithunzi chenicheni. Ndalemba `glances slightly` dala. Mukati atembenuke n'kumuyang'ana mwamuna wake maso ndi maso, ndiye kuti nkhope yapita chammbali, mbali imene makina sakuidziwa. Kumwetulira nakonso kukhale kochepa. Ngati pachithunzi watseka pakamwa ndiye inu n'kupempha kuseka, makina amupatsa mano opeka, ndipo mano ndi chimodzi mwa zinthu zimene abale amazindikira msanga. Ngati mukufuna mano aoneke, mujambuleni akumwetulira kale. Kupsompsonana ndi kukumbatirana kusiyeni. Pa makina, nkhope ziwiri zikakhudzana zimasakanikirana, ndipo pa chikhalidwe chathu kavidiyo kameneka kafika kwa ankhoswe, apongozi ndi akulu a mpingo.

Nkhani ya khungu imandikhudza kwambiri, ndipo ndikupemphani muiyang'anitsitse. Mwa zimene ndaona pa ntchito imeneyi, makina amakonda kuyeretsa khungu la munthu wakuda pang'onopang'ono, makamaka pulomputi ikadzaza mawu monga `dreamy`, `glowing`, `ethereal` kapena `fairytale`. Mawu amenewa amakoka kuwala koyera kwa mavidiyo a kunja aja, ndipo khungu limatsatira. Achotseni. Mbali ina ya vutoli ili pa chithunzi chanu: dzuwa likakhala kumbuyo kwa akwati, m'mphepete mwa tsitsi mumawala bwino koma nkhope zimada, ndipo makina poyesa kuziwalitsa amazipenta mtundu wawo. Tengani chowalitsira, ngakhale pepala lalikulu loyera lolimba, wina aligwire kutsogolo kuti libweze kuwala kumaso. Poyesa kuwala pa kamera, yeserani pa nkhope, osati pa malaya oyera. Vidiyo ikatuluka, ikani fulemu yomaliza pambali pa chithunzi choyambirira, muyerekeze chipumi ndi masaya. Ngati mkwatibwi wayera, tayani imeneyo, ngakhale zina zonse zitakhala bwino. Mtsikana asamaone pa kavidiyo ka ukwati wake kuti makina amuona ngati wofunika kukonzedwa khungu.

Nanga jakaranda atayoyoka kale, kapena akwati ali kutali, wina ku Lilongwe wina ku Joni? Chidutswa choyamba chokha ndi chimene mungachipange ndi mawu okhaokha, popeza nkhope sizioneka. Pamenepo mawu ayenera kunyamula zonse zimene chithunzi chikananyamula, ndipo chilichonse chimene simunatchule makina adzasankha okha.

```
A Black Malawian couple with dark brown skin, seen from behind,
she in a mustard yellow dress, he in a navy suit, walking on a
red brick path under purple jacaranda trees, magenta bougainvillea
hedge, red soil, late afternoon sun from the left. One step per
second, camera follows at eye level, real-time speed, 9:16.
```

Tchulani mtengo ndi dzina lake. `Flowering garden` ndi mawu otakata kwambiri, koma jakaranda ndi boganivilia makina amawadziwa bwino chifukwa amapezeka m'mayiko ambiri otentha. Dzina la Blantyre lokha silithandiza kwenikweni. Chimene chimabweretsa kwathu ndi njerwa, dothi lofiira, mpanda wa maluwa ndi phiri looneka patali mu utsi. Zovala zimene mwatchula zikhale zenizeni zimene avale pa zithunzi za zidutswa zina ziwirizo, ndipo mbali imene dzuwa likuchokera igwirizane. Ngati pulogalamu ili ndi bokosi la `Negative prompt`, ikani mmenemo zimene simukufuna, monga `cherry blossom, extra fingers, text`. Ngati ilibe, musalembe zokana m'pulomputi yaikulu. Kutchula chinthu, ngakhale mukuchikana, kumatha kuchiitana. M'malo moti kusakhale khamu la anthu, lembani `empty path`. Koma zidutswa za nkhope musazipeke ndi mawu, ndipo musatenge zithunzi za anthu pa Facebook n'kuziyendetsa iwo osadziwa. Onse awiri adziwe kuti zithunzi zawo zikukwezedwa pa pulogalamu ya kampani ya kunja, avomere, ndipo aone kavidiyo kasanapite kwa wina aliyense.

Chidutswa chilichonse sichituluka bwino ulendo woyamba, ndipo ulendo uliwonse umadya bandulo ndi makirediti, amene mumagula kuti pulogalamu ikupangireni vidiyo. Yesani pa mulingo wotsika mtengo kaye, ngati ulipo. Chikalakwika, sinthani chinthu chimodzi chokha, kuti mudziwe chimene chathandiza. Ngati pulomputi ndi yabwino koma dzanja lapindika mwangozi, ingobwerezani osasintha kanthu, chifukwa ulendo uliwonse makina amayambira pena. Ngati cholakwika chomwecho chikubwera katatu, vuto lili pa chithunzi choyambira, bwererani kumeneko. Poonera, musaonere pa liwiro lake lokha. Ikani vidiyo mu CapCut kapena pulogalamu ina yolumikizira, muisunthe fulemu ndi fulemu. Pa chidutswa choyamba yang'anani phazi limene laponda: liyenera kukhala pa njerwa yomweyo mpaka litanyamuka. Yang'ananinso mithunzi ngati ikutsatira eni ake, ndi mpanda wa maluwa ngati sukumera kapena kufota pamene kamera ikudutsa. Pa chachiwiri werengani zala. Pa chachitatu onani ndolo, mzere wa tsitsi ndi kolala ya malaya, chifukwa timeneti timayamba kusintha nkhope isanasinthe.

Polumikiza, dulani mwachindunji kuchoka pa chidutswa china kupita pa china. Kusungunulira chidutswa mu chinzake kumadya nthawi: kawiri ka theka la sekondi ndi sekondi yathunthu yochoka pa 15 yanu. Mayina ndi tsiku musapemphe makina a AI kuti alembe. Amapotoza zilembo, ndipo mayina athu amawalakwitsa kwambiri. Lembani nokha mu pulogalamu yolumikizira, zilowe pa sekondi ya 11, akwati atangoima, zikhale mpaka kumapeto. Masekondi anayi amakwana kuwerenga mayina awiri, tsiku ndi mzinda. Malo a phwando, nambala za a komiti ndi za perekaniperekani zipite pa khadi. Zolembazo zisakhale kumtunda kwenikweni kapena kumunsi kwenikweni, kumene WhatsApp ndi TikTok amaika zawo. Mitundu ya zidutswa zitatu muiyandikizitse kuti pepo wa jakaranda akhale mmodzi monse. Tulutsani pa `1080x1920`, ndipo potumiza kwa akwati gwiritsani ntchito `Document` pa WhatsApp kuti vidiyo isafinyidwe isanafike kwa iwo.

Pomaliza pali funso limene muyenera kudzifunsa musanagule makirediti. Ngati akwati ali mu Blantyre momwe muno, jakaranda ali ndi maluwa, ndipo mwafika nawo kale pansi pa mtengo ndi kamera m'manja, jambulaninso vidiyo yeniyeni ya zidutswa zitatu zomwezo. Kamera kapena foni yojambula mafulemu 60 pa sekondi imakulolani kuchedwetsa vidiyo kuwirikiza kawiri ndi theka pa 24 popanda kupeka fulemu ngakhale imodzi, ndipo nkhope imakhala yawoyawo. Ine chidutswa chachitatu ndimachitenga pa kamera nthawi iliyonse imene ndingathe, AI n'kuisiyira choyamba, pamene kamera iyenera kutsatira anthu mosagwedezeka ndipo ndilibe chida chogwirira, kapena pamene njira yeniyeni ili ndi galimoto ndi mawaya a magetsi. Mukasakaniza chotero, jambulani vidiyo ndi zithunzi zoyambira pa lenzi imodzi ndi pa nthawi imodzi, ndipo pulojekiti yonse muiike pa mafulemu 24 pa sekondi ngati ndi mmene pulogalamu ya AI ikutulutsira. Onani nambala imeneyo pa fayilo yotuluka musanayambe kulumikiza, chifukwa mapulogalamu ena amatulutsa pa 30.